Foni Yaikulu ya Bambo Anga

Mng'ono wanga atatumiza foni kuchokera ku Joni, sanaganize kuti bambo athu atsala ndi dzanja limodzi. Sitiroko inawagwira chaka chimenecho fodya ali m'mabani, ndipo dzanja lamanja linangolendewera. Anasiya kuyendetsa thirakitala pa pulazi ina ya ku Darwendale, m'dziko la Zimbabwe, kumene tinabadwira tonse. Foniyo inali yaikulu zedi, yoti ngakhale ine wamanja awiri ndinkaigwira mosamala.

Ine ndimasankha fodya m'shedi. Nthawi yopuma masana ndi yochepa, koma ndikangofika kunyumba kukomboni ndinkapeza bambo ali pakhonde, foni ili pamwendo.

"Iwe, chala changa sichikufika pamwambapa. Anapangira ndani chinthu chimenechi?"

Tsiku lina pofuna kufikira pamwambapo, foni inawapulumuka nkugwera m'beseni la nyemba. Ndinafunsa mnzanga wa ku shedi, ndipo anandionetsa pokonzera foni kuti igwirike ndi dzanja limodzi. Ukayatsa pamenepo, umangotsetsereza chala pansi, pakati pa m'mphepete mwa m'munsi, ndiye zonse za pa sikilini zimachepa nkusonkhana pakona. Pambali pamakhala kamuvi kosamutsira kumanja kapena kumanzere. Ndinawaikira kumanzere, ndipo chala chawo chachikulu chinafika paliponse.

Ndinkayesa andithokoza.

"Nanga malo akudawa atsalira chiyani? Mng'ono wako anagula foni yonse, iwe wandisiyira theka."

"Baba, pakudapo musakhudzepo. Mukakhudza ibwerera kukula."

Anakhudza pomwepo kuti aone ngati ndikunama. Inakula. Sabata yonse imeneyo inali ntchito yanga: ndichepetse, akhudze pakuda, andiitane. Tsiku lina anatuma mayi woyandikana nafe kudzandiitana ku shedi. Ndinathamanga mtima uli m'mwamba poganiza kuti matenda abwerera. Ndinawapeza akudya chimanga chootcha, ati foni yatupanso. Ndinangoichepetsa nkubwerera. Foromani anandiyang'ana moipa tsiku lonse.

Kenako abusa anatumiza uthenga. Bambo ndi mkulu wa mpingo, ndipo chidwalireni anali asanaimenso kutsogolo. Abusa anawapempha kuti awerenge mawu Lamlungu, ndime zinayi za m'mabuku osiyana. Baibulo lawo lapepala silinkatheka, chifukwa ndi dzanja limodzi masamba ankangodzitsekera. La mufoni linalipo, koma akatsegula Baibulo ankaiwala ndime, akabwerera ku uthenga ankasochera.

Ndinawagawira sikilini pawiri. Umatsegula pamene pamaoneka zonse zimene wangogwiritsa ntchito, nkudina kachizindikiro ka pamwamba pa chimodzi, nkusankha kugawa, kenako nkusankha chachiwiri. Uthenga wa abusa unakhala pamwamba, Baibulo pansi, pakati pali kamzere. Ndinakankhira kamzereko m'mwamba pang'ono kuti Baibulo likule.

"Kamzereka musakakokere mpaka kumapeto, Baba. Mukatero chimodzi chichoka."

"Ndamva. Ndine mwana ine?"

Ndisanamalize kutsuka mbale anali atakakoka kale. Pofika Lachisanu ndinali nditagawa sikiliniyo kambirimbiri, mpaka ndinkachita osayang'ana.

Panali chinanso. Amalume anga, alongo awo a malemu amayi, amakhala ku Shamva ndipo ndi a gule. Amakonda kutumizira alamu awo mavidiyo a gule wamkulu akatuluka kudambwe kubwera pabwalo. Bambo pagulu amati zimenezo anazisiya kalekale, koma pakhonde ndinkawaona phazi likugunda pansi. Anandiuza kuti akufuna aziona vidiyo kwinaku akuwerenga ndime zawo. Ndinawauza kuti zinthu ziwirizo siziyendera limodzi. Anati sanandifunse maganizo. Ndiye ndinawatsegulira vidiyo m'kawindo koyandama, kamene kamakhala pamwamba pa zina zonse ndipo umatha kukakokera kumene ukufuna. Ndinawaonetsa zizindikiro za pamwamba pake: china chimatseka, china chimangokapinda kukhala kampira kakang'ono kokhala m'mphepete.

"Mukatha muzitseka ndithu, osangopinda."

Anagwedeza mutu, maso ali pa ovina.

Lamlungu tchalitchi chathu cha malata chinadzaza, chifukwa anthu anamva kuti bambo aimanso. Ndinawagawira sikilini tili panja. Kampira kaja ndinakaona m'mphepete, koma belu linalira ndipo iwo analanda foni. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo, anaika foni pagome, nawerenga ndime yoyamba. Mawu ankatuluka molemera koma omveka. Ndinamva misozi ikubwera.

Pokankhira mawu a Baibulo m'mwamba kuti apeze ndime yachiwiri, chala chinagunda kampira kaja. Kawindo kanatseguka nkuphimba mawu. Ine ndinangoona nkhope yawo ikusintha. Pofuna kukachotsa anadina pakati penipeni, ndipo ng'oma zinalira m'tchalitchi monse, pamodzi ndi amayi oimba ndi nthungululu zawo.

Abusa anakweza mutu. Kumbuyo wina anayamba kutsokomola mwadala. Agogo ena amene ndimakhala nawo benchi imodzi anagwedeza mapewa kawiri asanakumbuke kumene ali. Bambo ankangobaya sikilini, vidiyo imaima, imayambanso, imaima.

"Iwe!" anaitana, osatchula ndi dzina lomwe, koma aliyense anatembenukira kwa ine.

Ndinadzuka ndi yunifolomu yanga ya amayi a mpingo, ndinayenda pakati pa anthu onsewo, ndinadina chizindikiro chotsekera. Kunangoti zii. Uthenga wa abusa unali pamalo pake, Baibulo pamalo pake. Bambo anakonza jekete, nanena mokweza kuti, "Ana a masiku ano amaika zinthu zambiri m'mafoni." Kenako anawerenga ndime zitatu zotsalazo osaphonya liwu ndi limodzi lomwe.

Potuluka amayi awiri anandikokera pambali nkundilangiza kuti ndisamasunge zoterozo m'foni ya munthu wamkulu. Ndinangoti zikomo. Ndikanati chiyani? Abusa okha ndi amene anandigwira chanza akumwetulira, ndipo ndikukhulupirira kuti ankadziwa mwini vidiyo.

Titafika kunyumba ndinawapatsa bambo sadza ndi masamba, ndinakakhala kuseri kwa nyumba. Patapita nthawi ndinamva ndodo yawo ikubwera.

"Ndawerenga bwino?"

"Mwawerenga bwino. Koma mwandinamizira pamaso pa mpingo wonse."

Anakhala pa njerwa, nayang'ana dzanja lawo lodwalalo. Anati pamene ng'oma zinalira anaopa kuti anthu anena kuti matenda awalowa m'mutu, ndipo sadzawaitananso kutsogolo. Sanapepese. Bambo anga sindinawamvepo akupepesa kwa mwana. Koma Lachinayi, pamsonkhano wa amayi, mkazi wa abusa anandiuza kuti bambo anapita okha kunyumba kwa abusa kukanena kuti vidiyo inali yawo, ndipo nkhaniyo inafika kwa amayi awiri aja.

Mkwiyo unanditsika pang'ono. Madzulo ake ndinakhala nawo pakhonde, ndinawagwira chala nkuchiika pa chizindikiro chotsekera, kasanu konse, mpaka anatseka okha. Mng'ono wanga anaimba tili pomwepo, kufunsa ngati bambo akusangalala ndi mphatso yake. Anamuuza kuti foniyo ndi yosavuta nkomwe, anaiphunzira okha. Ine ndinalowa m'nyumba kukasita malaya a kuntchito.