Singano Itayandikira Pofiira

Bambo asanapite ku Joni, mpando wakutsogolo m'galimoto yawo unali wanga. Tikamachoka ku Chirimba m'mawa ankandipatsa ntchito imodzi, yoyang'ana geji ya kutentha kwa injini.

"Singano ikakhala pakati, mtima m'malo," ankatero. "Ikamakwera kupita pofiira, madzi oziziritsa injini atentha mopitirira. Mwina atayika, mwina fani yafa. Usadikire kuti ndione ndekha."

Zaka zonsezo sinapitirirepo pakati. Ndinkaiyang'anabe, iwo akuimba nyimbo za kwaya molakwitsa mawu.

Tsiku lonyamuka anapereka makiyi kwa amalume. "Alamu, galimotoyi ndidzaipeze ikuyenda." Mawu amenewo ndinawasunga. Mumtima mwanga, bola galimoto ikuyenda, bambo adzabwera.

Tsiku lina mu Okutobala amalume ankandiperekeza kusukulu, dzuwa litaswa kale mtengo. Pa chikweza cha ku Magalasi magalimoto anathithikana, ndipo ndinaona singano ikukwawa mpaka kuyandikira pofiira.

"Amalume, imani. Injini yatentha."

"Iwe, tachedwa kale. Izizira ndi mphepo tikafika m'tauni."

"Bambo anati mukaikakamiza gasiketi imapsa, mwinanso injini yonse kutheratu."

"Ha! Kodi ndanyamula makaniko wa yunifolomu?"

Anaseka, koma anapatuka n'kuzimitsa. Kumphepete kwa boneti kunkatuluka kanthunzi. Atatsegula boneti anapempha madzi kwa mayi wina wogulitsa nthochi, n'kukulunga kansanza kudzanja kuti atsegule chivindikiro cha rediyeta, monga amachitira ambiri pamsewu. Ndinawagwira mkono. Chibadwire ndinali ndisanagwirepo munthu wamkulu choncho.

"Pepani amalume, madziwo akuwira, akuthovukirani kumaso. Komanso madzi ozizira pa injini yamoto amaing'alula. Tidikire."

"Mverani mwanayo, achimwene," anatero mayi aja. "Amuna anga mpaka lero ali ndi chipsera pachifuwa."

Tinakhala pamwala kupitirira theka la ola, anzanga akudutsa m'maminibasi n'kumandibayibitsa. Injini itazizira tinaona paipi ya rediyeta ikudontha, itang'ambika kunsonga. Makaniko wapafupi anadula pong'ambikapo, n'kuimanganso, kenako anathira madzi pang'onopang'ono. Anati tigule ina sabata isanathe. Titanyamuka singano inakwera n'kuima pakati, pamalo pake.

Kusukulu anandipatsa chibalo chokolopa khonde lonse. Sindinadandaule.

Madzulo ndinatumizira bambo uthenga wa mawu pa foni ya mayi. Anayankha patapita masiku awiri, kumbuyo kwawo kukumveka phokoso la makina. Anayamba ndi kuseka, kenako anati:

"Mwanawe, mpando uja usaupereke kwa wina."

Uthengawo ndaumvera kambirimbiri. Sananene tsiku lobwera. Koma galimoto ikuyenda, paipi yatsopano tinaika, ndipo m'mawa uliwonse ndimakhala kutsogolo, maso pa singano, ndikung'ung'udza nyimbo zija ndi mawu awo olakwika.