Mtambo Umene Mphemvu Zidadya

Mlamu wanga Eneya adagwirapo ntchito kwa mzungu woyeza mvula. Pobwerera ku Nkhulambe mu 1952 adangobwera ndi chithunzi cha mitambo, chonona ngati chiguduli, ngodya imodzi itadyedwa ndi mphemvu.

Koma kudzitama kwake! Amvekere: “Tanthenga tam'mwambamwambati ndi sirasi, nyengo isintha mawa kapena mkuja. Timilu ta thonjeti ndi kyumulasi, dzuwa lokhalokha. Chibulangete chotuwachi ndi sitiratasi, kamvula kowaza.” Mabodza ayi, zinkachitikadi.

Tsiku lina mkazi wake Belita, mlongo wanga, atayanika makaka a chinangwa a chaka chonse pathanthwe, adaloza kuphiri la Michesi. Kudali chimtambo chachitali, chakuda kunsi, chamutu waphwatalala.

“Bambo a Ida, nanga icho?”

Mlamu adayang'ana chithunzi, nkuchitembenuza. “Chimenecho mulibemo muno. Pita kuchigayo usade nkhawa.”

Chidalimo, abale! Ndicho cha mvula yamabingu, chimene mphemvu zidadya pangodya paja.

Mvula idakhuthuka masana omwewo, nkutsanula masiku atatu. Makaka adachita ndevu zobiriwira, fungo mpaka afisi a ku Fort Lister adasamuka. Ine ndidadya nawo chinangwa chowolacho miyezi inayi, nditatsina mphuno.