Chilembo Chimodzi M'dzina Langa

Ndinkagulitsa magambutsi ndi matochi kwa okumba golide a ku Kwekwe kudzera pamsika wa pa intaneti. Tsiku lina eni msikawo anagwira ndalama zanga, ati dzina la pa akaunti likusiyana ndi la pachitupa. Pachitupapo kalaliki wakale analemba "r" pomwe bambo anga ochokera ku Malawi ankalemba "l". Ndinalira, chifukwa katunduyo ndinatenga pangongole kwa amayi ena a kumzikiti.

"Mwanangu, ndalamazo sizinabedwe," anatero amayiwo nditawafotokozera. "Kalumbire kupolisi kuti mayina onsewo ndi ako."

Anandilipirira kombi, minibasi yopita kupolisiko. Ndinatumiza chithunzi cha chitupa ndi kalata yolumbirayo kwa eni msikawo, ndipo patapita masabata angapo ndalama zinatuluka. Nthawi yonseyo, tikakumana, amayiwo ankangofunsa ngati ana anga adya.