Disiki ya Che Fakiri

Mukafika pa boma la Nkhotakota, funsani wojambula maukwati, akulozerani kwa Che Fakiri. Ajambula ma nikaha, maukwati a Chisilamu, kwa zaka makumi awiri, kuchokera ku Benga mpaka ku Dwambazi. Zithunzi zonse ankasunga mu hadi disiki yachiwiri ya kompyuta yawo, pamodzi ndi za malemu akazi awo, mayi Bushra. Zapapepala zinapita ndi madzi osefukira.

Ine ndine Esitere, ndimakonza makompyuta moyandikana ndi situdiyo yawo. Koma disiki ija itayamba kuchedwa, sanabwere kwa ine ayi. Anaitana mlamu wawo Latifu, mlongo wamng'ono wa malemuwo, amene anamulera okha. Latifu anaika disiki yatsopano ya SSD, nati wakopera zonse, yakaleyo n'kuitenga ati yatha ntchito.

Patatha milungu iwiri, Che Fakiri anabwera atanyamula kompyuta ngati mwana wodwala.

"Mwanangu, disiki yatsopano sikuoneka. Latifu akungoti mawa, mawa."

Ndinalowa mu BIOS, momwe kompyuta imaonetsa zida zomwe yazizindikira isanatsegule Windows. SSD munalibe. Nditatsegula chibokosi, aa! Chingwe cha SATA, chodutsamo mafayilo, chinali cholumikiza bwinobwino, koma cha magetsi chili lende. Nditachilowetsa, BIOS inaiona. Che Fakiri anati, "Alhamdulillah!"

Koma mu Windows sinaonekebe. Nditatsegula Disk Management, poonera madisiki onse, kompyuta inapempha kuti ndiyambe ndaikonza disikiyo ngati yatsopano. Disiki yomwe munthu wakoperamo zinthu sipempha zimenezo, pokhapokha itasokonekera. Sindinadine kanthu. Ndinatsegula kapulogalamu koonera umoyo wa disiki, ndipo kanaonetsa kuti chichokereni ku fakitale simunalembedwe kalikonse.

"Bambo, muno simunalowepo chithunzi ngakhale chimodzi."

"Mwina anaiwala chingwecho?"

"Akanakopera bwanji magetsi asakufika? Anakunamizani."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Tinamuimbira Latifu foni kasanu. Kenako anaulula, wopanda ndi manyazi omwe, kuti disiki yakale anagulitsa kwa woika mafilimu m'mafoni ku Benga.

Che Fakiri anakwera minibasi tsiku lomwelo, nakaiwombola. Ndinaifufuza masiku awiri. Wogulayo anali atafufuta zonse n'kuidzaza thothotho ndi mafilimu a karate. Zikalembedwa zina pamwamba, zakale sizibwerera.

"Mwana amene ndinamuphunzitsa kugwira kamera," anatero mkuluyo. "Wagulitsa nkhope ya mlongo wake weniweni! Zandiwawa, Esitere."

Loweruka kunali nikaha ina, ntchito sidikira maliro. Ndinaikonza SSD ija, ndinasankha kagawidwe ka disiki ka GPT, n'kuifomata. Kompyuta inafunsa dzina la disikiyo.

"Ndilembe chiyani, bambo?"



"Lemba Bushra."

Ndinalemba. Anaitsegula okha, nayang'anitsitsa. Munalibe kanthu.