Masheya Asanu, Msewu Umodzi

A Greyson anali alamu anga, amuna a akulu anga a Imelda. Ndikati anali mkamwini wa pamudzi pathu ku Chiosya ndikhala ngati ndikunama, chifukwa kwa zaka 27 tinkawaona ngati alendo. Ankayendetsa mathiraki. Ankabwera ndi shuga ndi chitenje, kugona masiku awiri, lachitatu ulendo. Mwana wawo Filomena anaphunzira kuyenda, kulankhula, mpaka kulandira ukalisitiya woyamba, bambo ake ali pamsewu. Akulu anga sankadandaula pagulu, koma ine Rozi nyumba yanga inali pafupi, ndimadziwa mmene zinkawapwetekera. Iwo sankafuna chuma ayi. Ankangofuna kuti mwamuna wawo akalambire pakhomo.

Mu 1988 msana unawakana alamu. Kampani inawapatsa ndalama zopumira pantchito, ndipo anabwera ndi mpando wopinda wansalu, n'kuuika pakhonde.

"Amayi a Filomena, chiwongolero ndachisiya," anatero. "Ine ndidzafera pakhonde pano."

Munthuyo sanali wopusa, musamuyese choncho. Anali ataona mnzake wina akuthira ndalama zonse zopumira mu basi imodzi. Basiyo itagubuduka, mnzakeyo anatsala manja ali m'khosi. Ndiye alamu analumbira kuti zawo adzazimwaza m'malonda osiyanasiyana.

Nthawi imeneyo ku Mozambique kunali nkhondo. Njanji zopita kunyanja yamchere zinali zitaonongeka, ndipo msewu wodutsa ku Tete unkaopsa, moti mathiraki ambiri ankazungulira kudzera kuno ku Mchinji, kulowa m'Zambia. Paboda pankadzaza, mzere wa mathiraki osaoneka kothera. Anthu ankasonkhana atatu kapena anayi, kulembetsa kakampani, aliyense n'kulandira pepala la masheya ake. Alamu analowa m'malo asanu: ofesi ya a Pius yokonza mapepala a kasitomu, resitihausi, malo odyera, galaja yomata matayala, ndi sitolo ya sopo ndi ndudu. Eni ake anali osiyana, malonda osiyana, ngakhale mapepalawo anali a mitundu yosiyana. Ankawasunga m'chitini cha mabisiketi, n'kumawayala pamphasa mlendo akabwera, ngati zithunzi za ukwati.

A Jonasi, msuweni wathu, anabwera kudzawapempha kuti alowenso m'chigayo chomwe ankafuna kumanga ku Chiosya konkuno. Alamu anaseka. Anati phindu la chigayo ndi gaga, nanga munthu angasiye madilaiva a ndalama n'kumadikira amayi a zidebe za chimanga?

Akulu anga sanapite patali ndi sukulu, koma tsiku limenelo, akusenda mtedza, anafunsa funso lomwe mpaka lero limandizungulira m'mutu.

"Bambo a Filomena, wogona kuresitihausiko ndani?"

"Dilaiva."

"Nanga wodya nyama kumalo odyerako?"

"Dilaiva."

"Tayala lomatidwalo ndi la ndani?"

Alamu anatseka chitini. "Amayi, zinthu izi ndi zisanu. China chikagwa, zinayi ziima. Inu dziwani za mtedza."

Ndipo poyamba zinaoneka kuti akunena zoona, ndisabise. Mu 1990 khitchini ya kumalo odyera inapsa, anatseka miyezi inayi, koma pakhomo shuga sanasowe chifukwa malo anayi enawo ankapereka phindu. Chaka chotsatira wogulitsa m'sitolo anathawira ku Chipata ndi katundu, alamu osagwedezeka. Moto sunafike kugalaja, wakuba sanabe kwa a Pius. Tsoka logwera malo amodzi kumwazako kunkalitchinjirizadi. Chilala cha 1992 chitafika, chigayo cha a Jonasi chinkangolira mwa apo ndi apo, pomwe paboda mathiraki anali mbwee. Alamu ankawafunsa a Jonasi mwachipongwe ngati gaga wakwera mtengo.

Zaka zinayi zimenezo ndi zokhazo zomwe ndinaona akulu anga atanenepa. Madzulo dzuwa likapendeka ankakhala awiriwiri pakhonde, alamu pampando wawo, akulu anga pansi akusenda mtedza, akukangana za nkhuku. Ine ndinkadutsa dala kuti ndingowaona.

Kumapeto kwa 1992 wailesi inalengeza kuti ku Mozambique asainirana mtendere. Kutchalitchi tinaimba, alamu nawonso anaimba ndi mtima wonse, chifukwa anzawo awiri anafera pamsewu wa Tete. Palibe anaganiza kuti dilaiva wopita ku Harare sangazungulire ku Lusaka njira yachidule itatseguka. Mathiraki sanaleke tsiku limodzi. Anangoyamba kuchepa, mwezi ndi mwezi, kubwerera kuboda la Mwanza, lolowera ku Tete. Boda la Mchinji silinatsekedwe, a ku Zambia ankadutsabe, koma anthu anali atamanga malonda a khamu lija, ndipo otsalawo sakanadyetsa onse.

A Pius ndiwo anayamba kuchotsa makalaliki. Mwezi womwewo resitihausi ya zipinda khumi ndi ziwiri inkagoneka anthu awiri. Nyama inkaonongeka m'mapoto, omata matayala ankasewera bawo tsiku lonse, sopo anachita fumbi m'mashelefu. Alamu anapalasa njinga kukagulitsa masheya a kugalaja kuti apulumutseko kena. Agule ndani? Oti n'kugula anali a Pius ndi anzawo omwewo, ndipo aliyense ankafuna kugulitsa ake.

Anabwerako masana, njinga akuikankha. Anakhala pampando paja osavula nsapato.

"Alamu, kwayenda bwanji?" ndinafunsa.

"Ndinkawerenga mapepala, a Rozi," anatero. "Asanu. Koma wondilipira anali mmodzi, ndipo wadzera njira ina."

Akulu anga sananene kuti ndinakuuzani. Ndikanakhala ine bwenzi nditalankhula, pakamwa panga ndimapadziwa. Iwo anangopita kukatenthetsa madzi osamba. Chondipsetsa mtima n'chakuti panalibe woti n'kumutukwana. Palibe anaba, palibe ananama. Udandaule kuti anthu asiya kuphana? Mvula itagwa bwino mu 1993 chigayo cha a Jonasi chinadzuka, chifukwa icho chinkayendera mvula, osati msewu. Alamu akanaikako ngakhale gawo limodzi mwa asanuwo, likanawagwira dzanja pomwe enawo ankagwa.

Anayesa khasu, msana unakana. Filomena anali ku sekondale, ndipo munda wa akulu anga sukanatha kusenza zonse. Mu Okutobala 1993, ali ndi zaka 59, analembedwanso ntchito ndi kampani ina ya ku Blantyre. Njira yake inali ya Mwanza, Tete, Harare. Kale ankati akamadutsa ku Mchinji amapatukirako kudzagona, koma njira yatsopanoyi kuno sinkayandikira n'komwe.

Tsiku lonyamuka anafuna kupinda mpando uja kuti aulowetse m'nyumba. Akulu anga anaugwira.

"Usiyeni pomwepo. Mubwera."

Anabwera kamodzi, pa Khirisimasi, ataonda, akuyenda chowerama. Mu Febuluwale uthenga unafika kudzera kuparishi. Anawapeza masana m'thiraki paboda la Mwanza, ali pamzere wodikira mapepala, mutu atautsamiritsa pachiwongolero. Madilaiva anzawo ankayesa akugona.

Ndinalira, ndipo pamene ndikulemba izi ndikuliranso, osati chifukwa cha ndalama zija. Munthu anachita zonse mosamala, n'kulakwitsa funso limodzi lokha, lomwe mkazi wake anamufunsa akusenda mtedza.

Bokosi linafika patatha masiku awiri. M'mawa wa tsiku loika, amuna analitulutsa m'nyumba kuti anthu aone nkhope, koma pakhonde panali pothina. Wina anati tichotse kampandoka. Akulu anga anadzuka pamphasa, n'kuupinda okha, n'kukhala nawo pamiyendo mpaka mwambo wonse unatha.