Pepala la Kuseri kwa Chitseko

Azakhali anga anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu m'chipinda chimodzimodzi. Kuseri kwa chitseko anamatako pepala, ndipo chaka chilichonse ophunzira atsopano ankawonjezerapo mzere umodzi. Ankasankha nambala n yoposa ya chaka chatha, n'kuwerengera (1 + 1/n)ⁿ.

Pamwamba, pomwe n anali 1, yankho linali 2. Pa 2 linali 2.25, pa 100 linali 2.7048, pa 1,000 linali 2.7169.

"Likukwera, koma silidzapitirira 2.71828 ndi timanambala totsatirapo," ankatero azakhali. "Malire amenewo ndiye nambala yotchedwa e."

Chaka chomwe ankapuma pantchito, ophunzira anafuna kuwatsanzika ndi mzere woposa yonse. Anasankha 1 wotsatidwa ndi maziro makumi awiri. Kalikuleta inayankha kuti 1.

Azakhali anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Ana inu, ka 1/n kachepetsetsa, ndiye makinawa akataya asanayambe n'komwe kuchulukitsa. Kakang'onoko mukakanyoza, chulukitsani mpaka imvi, mudzatsala ndi 1 yemwe munayamba naye."

Anawapatsa cholembera. "Lembanibe. Obwera m'mbuyomu adzaone."