Malovu a Mayi Rukiya pa Geti

Mukakwera kabaza pa boma la Nkhotakota n'kutchula dzina la mayi Rukiya, wopalasayo akuuzani asanafike pa msika kuti mayiwo ali ndi mankhwala m'malovu. Akuti pa tsiku la konsati ankanyambita chala n'kudziwa wakuba, mpaka anathamangitsa apongozi awo enieni pa geti. Zakuthamangitsazo n'zoona. Zamankhwalazo anangothirako mchere.

Mayi Rukiya ndi wogulitsa usipa, wamfupi, wosaseka pa ndalama. Komiti ya m'dera lawo itaganiza zoitana oimba kuti ipeze ndalama zogulira njinga ya ambulansi ya amayi oyembekezera a ku Bua, inawasankha kukhala msungichuma, poti ngakhale amuna awo ngongole amawakana.

Mkangano unayambira pa mtengo. A Zangaphee, wapampando, ankafuna teni sauzande poti oimba ndi a ku Lilongwe.

"Ndiye muvina nokha ndi akazi anu," anatero mayi Rukiya. "Holo imalowa anthu folo handiredi. Tichotse ya holo, ya jenereta ndi ya zimkuzamawu, tione njinga itsala pati."

Anagwirizana kuti wogula msanga alipire fili sauzande, wogula pa geti faifi. Matikiti anasindikizidwa ndi manambala, m'timabuku, tikiti iliyonse yokhala ndi kachidutswa kotsala m'buku. Kuseri kwa iliyonse mayiwo anamenya okha chidindo cha inki yofiirira. Wogulitsa aliyense anamulembera manambala amene watenga, ndipo Lachisanu akatuluka ku mzikiti ankabweza tizidutswa pamodzi ndi ndalama. Buku limodzi anapatsa mlamu wawo Swaibu, mng'ono wa amuna awo, apongozi atachonderera kuti mnyamatayo naye aoneke ngati munthu.

Loweruka masana dzuwa linali lophika mutu. Mayi Rukiya anakhala pa geti, akuchonga nambala ya aliyense wolowa. Holo itafika theka, munthu wina anapereka tikiti ya nambala imene inali italowa kale. Mayiwo anafufuza m'thumba la matikiti olowa kale n'kutulutsa inzakeyo. Zinali ngati mapasa, ndi chidindo chomwe. Holo ikadzaza ndalama n'kuperewera, wakuba adzakhala ndani? Msungichuma.

Pamenepo anaona kuti chala chawo chachikulu, chonyowa ndi thukuta, chafiirira. Chidindo cha tikiti yoyamba chinali chitapakika. Ananyowetsa chala ndi malovu n'kutikita yachiwiriyo. Sinasinthe. Inali fotokope yamakaka, ndipo inki ya makina aja siisungunuka ndi madzi. Nambala yake inali ya m'buku la Swaibu.

"Munagula zingati, achimwene?"

"Thu sauzande. Anati ndi pulomoshoni."

"Imani uko."

A "imani uko" anachuluka msanga. Anayamba kukankha geti, ena akuti komiti yawabera, pomwe mkati ng'oma zinali zitayamba kale. A Zangaphee ananong'ona kuti angowalowetsa zisanafike poipa. Mayi Rukiya sanawayang'ane n'komwe.

Kenako gulu linapatuka lokha. Anali a Madina, apongozi awo, atavala mpango watsopano, tikiti ili m'manja. Mayi Rukiya anagwada pang'ono n'kuilandira ndi manja awiri. Nambala yokha inawauza kale. Anthu onse aja anaika maso pa chala. Akawalowetsa osayesa, geti lonse ligwa. Akayesa, kunyumba kudzaphikidwa zina.

Ananyowetsa chala. Chidindo sichinapakike.

"Amayi, pepani. Iyi siilowa."

"Iwe Rukiya, ukundilavulira ine pagulu?"

"Si inu, amayi, ndi pepalali. Wakupatsani ndani?"

"Mwana wanga Swaibu. Wandipatsa ulere, osati ngati ena oumira."

Mawu amenewo ndi amene anapulumutsa geti. Gulu linatembenuka ngati usipa waona nyali, kufunsana kuti Swaibu ali kuti. Anamupeza kuseri kwa jenereta akudya chinangwa chokazinga, ndipo mwayi wake apolisi awiri amene komiti inaitana anali pafupi. Ndalama zimene anali asanadye anabweza pomwepo. Ena anawonjezera n'kugula matikiti enieni, ena anapita kwawo akutukwana. Mayi Rukiya anatulutsa ndalama m'mpango mwawo kuti awagulire apongozi ya pa geti, koma a Madina anakwera kabaza osacheuka.

Madzulo tizidutswa ndi ndalama zinagwirizana, ndipo njinga ija lero ikuyenda ku Bua. Koma a Madina sanalawenso chakudya cha mpongozi wawo, ngakhale pa Idi, ndipo kubanja kwa amunawo ndi kumene kunachokera nkhani ya mankhwala ija.

Tsiku lina pa msika mayi wina, akusankha usipa, anawafunsa mwaulemu ngati n'zoona. Mayi Rukiya anapitiriza kuyeza m'mbale.

"Mankhwala ali kuchipatala. Ine ndinali ndi chala ndi malovu. Apongozi ndinawabweza, ndipo akadzabweranso ndi fotokope ndidzawabwezanso. Usipawu mugula, kapena mwabwera kudzaununkhiza?"